Chigoba cha amalume

Holide yapitayi ndinkathandiza amalume kugulitsa chimanga pamsika wakwathu. Tsiku loyamba anandipatsa chigoba cha malita 5 choyezera. Nditachitembenuza, ndinaona kuti kunsi kwake anakumenya dala, kunalowa m'kati. Madzulo ndinachiyerekeza ndi chigoba cha amayi, ndipo chinaperewera kapu yathunthu. Tikagulitsa zigoba 20 patsiku, ndiye kuti makapu 20 omwe anthu alipira kale atsala m'thumba lathu.

M'mawa mwake ndinafunsa. "Amalume, chigobachi bwanji?"

Anaseka. "Iwe, zungulira msika wonsewu. Aliyense chake n'chotero. Fizi yako ukuganiza kuti imachokera kuti?"

Ndinazunguliradi, ndipo sananame. Zigoba zambiri zinali zomenyedwa, fizi yanganso imachokeradi pa chimangacho. Ndinasowa choyankha, koma mtima sunakhazikike.

Patapita masiku ndinaona pomwe panali vuto. Mawu akuti "aliyense amatero" akungonena zomwe zikuchitika. Mawu akuti "ifenso tiyenera kutero" akunena zoyenera kuchitika. Kuti uchoke pa oyambawo n'kufika pa achiwiriwo, pakufunika mfundo ina yomwe amalume sanaitchule, yakuti chilichonse chomwe anthu ambiri amachita n'choyenera. Mfundo imeneyo sungaiyeze ndi kapu, ndipo amalume omwewo angaikane ataona anthu ambiri akuthyola chimanga m'munda mwawo.

Sindine woyamba kuona zimenezi. David Hume, katswiri wa nzeru zakuya wa ku Scotland, anazilemba m'buku lomwe linatuluka mu 1740. Iye anadabwa kuti olemba ambiri amayamba n'kufotokoza mmene zinthu zilili, kenaka mwadzidzidzi n'kumanena mmene ziyenera kukhalira, osalongosola kuti awoloka bwanji.

Chondipweteka n'chakuti nanenso ndinkalumpha chimodzimodzi. Ndinkati, "Kapu ikuperewera, ndiye n'kulakwa basi." Koma kuperewera kwa kapu n'chinthu chongoyeza. Chimandivuta chifukwa ndimakhulupirira kale kuti si bwino kulandira ndalama ya chinthu chomwe sunapereke.

Sikuti zoona zilibe ntchito ayi. Ogula akanakhala kuti akudziwa za chigobacho ndipo mtengo watsika mofanana, bwenzi palibe wonamizidwa. Zoona zimandiuza ngati mfundo yanga ikukhudza nkhaniyo, koma sizindisankhira mfundo.

Ndiye ndinasiya kukangana za kuchuluka kwa zigoba zomenyedwa. Ndinangofunsa kuti, "Amalume, agogo atabwera kudzagula, mungawayezere ndi chimenechi?"

Anakhala chete, kenaka anati, "Amenewo ndi amayi anga, iwe."

Pamenepo ndinadziwa kuti mfundo ija ali nayo, kungoti amaisungira abale. Mkangano wathu weniweni unali wakuti mayi wachilendo wobereka mwana, amene wabwera ndi ndalama ya ganyu, nayenso akuwerengedwa kapena ayi.

Chigoba sanasinthe mpaka lero. Ine ndinkangowonjezera kapu pamwamba iwo akatembenuka, ndipo fizi ya teremu ino andilipirira ndi iwo omwewo. Zimenezi zikundisautsabe.