Nyali Izime ndi 9 Koloko

Nyengo ya mayeso yayandikiranso, ndipo ndikamadutsa m'mudzi mwathu usiku ndikuona kuwala kwa matochi ndi makandulo m'mazenera. Tsiku lina mayi wina anandiuza monyadira kuti, "Abambo, mwana wanga chaka chino watsimikiza mtima, akumagona 12 koloko n'kudzuka 3 koloko." Ndinamuyamikira mwanayo chifukwa cha khama lake, koma mtima wanga sunakondwe, pakuti njira imeneyo ndinayendamo ine ndipo ndikudziwa kumene imathera.

Pamene ndinali mu Folomu 4, ife anyamata tinali ndi mwambo wathu. Magetsi akazimitsidwa kumalo ogona, tinkayatsa koloboyi, kuviika mapazi m'beseni la madzi ozizira kuti tisawodzere, n'kumamwa tiyi wakuda wopanda mkaka. Usiku woti mawa lake tilemba masamu ndinachezera mpaka tambala woyamba. Ndinalowa m'chipinda cha mayeso ndikudziona ngati msilikali wokonzeka. Koma funso loyamba ndinaliwerenga katatu lisanalowe m'mutu. Pa funso lina ndinakopera 63 pamene panalembedwa 36, ndipo ndinayenda nayo nambala yolakwikayo tsamba lonse. Njira yowerengera ndinkaidziwa bwino, pakuti ndinali nditaibwereza usiku womwewo. Chimene chinandisowa ndi maso oona cholakwa. Masamu linali phunziro langa lapamtima, koma ndi limene ndinakhoza mofooka kuposa onse. Kwa zaka zambiri ndinkati linali tsoka chabe. Ndazindikira nditakula kuti tsokalo ndinaliitana ndekha.

Tiyambe ndi funso loti, kodi mwana agone maola angati? Akatswiri a za tulo amagwirizana kuti wachinyamata wa zaka 13 mpaka 18 amafunika maola 8 mpaka 10 pa tsiku, ndipo munthu wamkulu asachepetse maola 7. Choncho mwana wa Folomu 4 amene akukonzekera MSCE asunge maola 8, ndipo wa kukoleji kapena inu amene mukuphunzira uku muli pantchito, musatsike pa 7. Muyeso umenewu susintha chifukwa kwabwera mayeso. M'nyengo imeneyi ndi pamene ukufunika koposa.

Chifukwa chake n'chakuti kuwerenga ndi theka chabe la ntchito yophunzira. Zimene munthu waphunzira masana zimayamba zasungidwa m'kachigawo ka ubongo kotchedwa hipokampasi. Kachigawoka tikayerekeze ndi dengu lokololera: limanyamula, koma si mosungira chimanga cha chaka chonse. Munthu akagona, ubongo umabwereza zamasanazo n'kuzikhazikitsa mosungira mokhalitsa, monga mmene timathirira chimanga m'nkhokwe. Wochezera usiku ali ngati mlimi wongothyola chimanga, dengu litadzaza kale, osapita nalo kunkhokwe. Zambiri zimatayikira m'njira.

Izi sizinadziwike dzulo. M'chaka cha 1924, akatswiri awiri a ku yunivesite ya Cornell ku Amereka, a Jenkins ndi a Dallenbach, anapatsa ophunzira awiri timawu topanda tanthauzo, 10 nthawi iliyonse, kuti aloweze pamtima. Nthawi zina ophunzirawo ankagona akangoloweza, nthawi zina ankapitiriza ntchito zawo zamasana. Patapita maola 8, akakhala kuti anagona ankakumbukira timawu toposa theka, koma akakhala kuti anali maso ankatsala ndi kamodzi kapena kuchepera apo. Makolo athu anati mawu a akulu amakoma akagonera. Zikuoneka kuti nawo maphunziro amakhazikika akagonera.

Tulo nato si tamtundu umodzi. Usiku umayenda m'magawo, lililonse la mphindi pafupifupi 90. Chigawo choyamba cha usiku chimadzala ndi tulo tofa nato, timene timathandiza kwambiri kusunga mfundo, mayina ndi matanthauzo. Kum'bandakucha kumachuluka tulo ta maloto, timene timathandiza ubongo kulumikiza zatsopano ndi zakale ndiponso kukhazika mtima pansi. Ndiye taonani mwana uja wogona 12 koloko n'kudzuka 3 koloko. Wapeza magawo awiri okha m'malo mwa asanu, ndipo tulo ta kum'bandakucha wataya pafupifupi tonse.

Vuto lachiwiri limaonekera m'chipinda cha mayeso momwemo. Mu 1997, ofufuza a ku Australia, a Dawson ndi a Reid, anayerekeza munthu wosagona ndi munthu womwa mowa pa ntchito yofuna maso ndi dzanja kuyendera limodzi. Anapeza kuti wokhala maso maola 17 amafooka ngati amene wamwako, ndipo wofika maola 24 amafanana ndi woledzera amene sangaloledwe kuyendetsa galimoto. Palibe kholo pakati pathu limene lingalole mwana kulowa m'mayeso atamwa. Komatu mwana amene wadzuka 5 koloko m'mawa Lolemba, n'kuchezera, n'kukhala pa desiki 8 koloko Lachiwiri, wakhala maso maola 27. Ndi mmene ine ndinalili tsiku la 36 ndi 63 lija.

Wina anganene kuti, "Wanga sachezera, amagona maola 6 ndipo anazolowera." Apa ndi pamene pali msampha wobisika. Mu 2003, ku yunivesite ya Pennsylvania, anthu akuluakulu athanzi analoledwa kugona maola 6 okha kwa masiku 14 otsatizana. Tcheru chawo chinkatsika tsiku ndi tsiku, mpaka pomaliza anafanana ndi munthu amene sanagone konse usiku wathunthu kapena kuposerapo. Chodabwitsa n'chakuti iwo eni ankati akungomva kutopa pang'ono. Munthu amazolowera kumva kutopa, koma ubongo wake suzolowera. N'chifukwa chake mawu a mwana akuti "ndili bwino" sangakhale umboni.

Umboni weniweni mungauone nokha. Mwana wosowa tulo amawerenga ndime imodzi kawiri katatu osagwirapo kanthu. Mutu umagwa ali pa buku, kenaka n'kudzidzimuka osadziwa kuti anasinza. Zolemba zake za usiku zimakhota n'kusiya mzere. Amalakwitsa zinthu zimene amazidziwa, monga kuiwala chizindikiro chochotsera kapena kudumpha malangizo a pamwamba pa pepala. Amapsa mtima pa zinthu zazing'ono. Ndipo likafika tsiku lopuma amagona mpaka dzuwa kukwera, kusonyeza kuti thupi likulipira ngongole ya sabata yonse.

Zizindikiro zimenezi ndinaziona chaka chatha mwa mdzukulu wanga wamkazi amene timakhala naye. Ankagona 11 koloko n'kudzuka 3 koloko, ndipo ankati, "Agogo, silabasi ndi yaitali, ndikagona ndiyimaliza liti?" Sindinalimbane naye. Ndinamupempha kuti madzulo a mawa lake atseke buku la Bayoloje, andifotokozere zimene anawerenga pakati pa 3 ndi 5 koloko m'bandakucha. Anakumbukira mutu wake, wonena za impso, ndi chithunzi chimene anachiona, koma kayendedwe ka nkhaniyo kanamuthawa. Anakhala chete, misozi ili m'maso. Maola awiriwo anali atawalipira ndi tulo, koma sanagule nawo kanthu.

Tinakhala pansi ndi pepala, n'kuyamba kuwerengera kuchokera kumapeto. Kuti asambe, adye ndi kufika kusukulu nthawi yabwino, ayenera kudzuka 5 koloko. Tikabwerera m'mbuyo maola 8, tikufika pa 9 koloko ya usiku. Imeneyo tinaikhoma ngati msomali, ndipo zina zonse zinayenera kupeza malo isanakwane. Apa ndi pamene ndinachita manyazi, chifukwa ndinaona chimene chinkamukankhira kuusiku. Akaweruka ankatunga madzi, kuphika ndiwo ndi nsima, kenaka kutsuka mbale mpaka 8 koloko. Kuwala konse kwa dzuwa tinkamudyera ndife, iye n'kutsala ndi mdima. Tinagawana ntchitozo: agogo ake aakazi anatenga zakukhitchini, mlongo wake wamng'ono anatenga madzi ndi mbale, nanenso ndinaphunzira kusesa pakhomo.

Dongosolo lake linakhala lotere. Kuyambira 3:30 mpaka 5:30 madzulo ankalimbana ndi phunziro lovuta, akupumira mphindi 10 pakati. Kuyambira 7 mpaka 8:30 ankayankha mafunso a mapepala akale a MANEB, buku lili chitsekere, kenaka n'kudzichonga. Foni ankaisiya pabalaza, ndipo 9 koloko nyali inkazima. M'mawa, kwa mphindi 20, ankalemba pamtima zimene anaphunzira dzulo, kuti aone zimene zakhala ndi zimene zathawa. Onse pamodzi anali maola osakwana 4, ocheperapo kusiyana ndi kale. Koma patatha masabata awiri ankandifotokozera za impso zija popanda kusuzumira m'buku. Tiyi wamadzulo tinamuletsa, chifukwa theka la kafeini wa mu tiyi, khofi ndi zakumwa zopatsa mphamvu limakhala lidakali m'magazi patapita maola pafupifupi 5. Akatopa masana ankatsamira mphindi 20 zokha, pakuti kupitirira apo munthu amalowa m'tulo tofa nato, n'kudzuka mutu uli wolemera, usikunso tulo n'kuvuta.

Ndisakunamizeni, tulo sitilowa m'malo mwa kuwerenga. Zimene mwana sanaziwerenge, sangazilote. Ndiponso kugona bwino usiku umodzi womaliza sikufafaniza ngongole ya mwezi wathunthu, choncho dongosololi liyambe masabata angapo mayeso asanafike. Ngati mwana watsaliradi m'mbuyo ndipo mawa ndi mayeso, asankhe mitu iwiri kapena itatu imene imabwera kawirikawiri, aiwerenge madzulo, ina aisiye. Kutaya mutu umodzi n'kochepa poyerekeza ndi kufooketsa pepala lonse. Ndipo ngati mantha amusowetsa tulo usiku womalizawo, musamuopseze. Amene wakhala akugona bwino masiku onse apitawo sagwa chifukwa cha usiku umodzi wotembenukatembenuka. Angogona chete mumdima, asayatsenso nyali.

Pempho langa lipite kwa inu makolo, atsibweni, azakhali ndi agogo anzanga. Usiku uno werengani maola a mwana wanu, kuyambira pamene amadzuka kubwerera m'mbuyo. Akapanda kukwana 8, musayambe ndi kumukalipira. Yambani mwafunsa kuti masana ake akupita kuti, ndipo ngati akuthera pamoto ndi pamjigo, mumasuleni kwa masabata ochepa otsalawa. Mukaona kuwala m'chipinda mwake pakati pa usiku, musanyadire monga ankanyadira mayi uja. Gogodani, mumuuze mokoma mtima kuti ntchito yalero yakwana, yotsalayo aisiyire tulo.

Wakutsina khutu ndi mnansi. Mundiperekere moni kwa ana onse amene akulemba chaka chino. Ndine wanu, mkulu mnzanu.