Mau a Azakhali pa Tsiku Locha Mwana Dzina

Pakati pa Acewa dzina la mwana kawiri-kawiri limakhala mau amene wonena wawadula pakati. Munthu akamva kuti mwana wachedwa Misozi, Masiye kapena Mabvuto, amadziwa kuti pakhomopo panagwa kanthu, koma dzinalo silinena kuti misoziyo anakhetsa ndani, kapena kuti mabvutowo anadza ndi yani. Mbali yotsalayo amatsiriza ndi anthu, yense monga mwa mtima wake, ndipo amatsirizira kumtondo, kudambo ndi pamowa. Kaamba ka ici, mau ocepa amene wocha dzina amalankhula pamaso pa acibale ali ndi nchito yaikuru kuposa utali wake. Iye akapanda kumasulira yekha dzina limene wapereka, ena adzammasulira, ndipo mwanayo adzasenza kumasulira kwaoko kufikira imvi.

Mwambo wake ngodziwika. Mai akabereka amakhala m'cikuta pamodzi ndi khanda lake kufikira mcombo utagwa, ndiye kuti pafupi-fupi sabata imodzi. Ukagwa mcombo, amai akulu-akulu amameta mwana tsitsi lobadwa nalo, namsambitsa, namturutsa pabwalo. Pamenepo mpomwe dzina limamveka. M'midzi yambiri mwana woyamba amachedwa ndi akucimuna, waciwiri ndi akucikazi, ndipo amapita nasinthana cotero, ngakhale kuti mabanja ena ali ndi kacitidwe kao-kao. Wocha dzina sabwera cimanja-manja. Amapereka nkhuku, mkanda, sopo kapena ndalama, pakuti dzina lopanda mphatso anthu amaliyesa lobwereka.

Pamudzi wina wa kwa Mfumu Kawaza, m'boma la Katete, panali banja limene linaika ana awiri m'manda m'zaka zitatu. Mwamuna anali mkamwini, wa mfunda wa Banda, ndipo mkazi wake anali Naphiri. Mwana wao woyamba anamwalira ndi cikuku atangoyamba kuyenda. Waciwiri anapita m'nyengo ya dzinja ndi nthenda yotsekula m'mimba. Acibale a mwamuna, amene mudzi wao unali kutsidya kwa dambo, sanakhulupirire kuti nthenda zokha zingacite cotere. Anapita kukaombeza, ndipo atabwerako anayamba kuloza cala mai wina wokalamba, mng'ono wa agogo ake a Naphiri. Lamulo la dziko limaletsa kuchula munthu kuti ndi mfiti, cotero palibe amene ananena poyera, koma nkhalambayo inaona yokha kuti ana a kutsidya aleka kulandira nsawawa m'manja mwake. Midzi iwiriyo inaleka kuitanana pa dima, ndipo pamaliro a mwana waciwiri akucimuna anabwerera osalawa nsima.

Tsono panabadwa mwana wacitatu, wamwamuna, ndipo mwai wocha dzina unabwerera kucimuna. Aliyense pamudzipo anadziwa maina amene amaperekedwa pakhomo potere. Mwana wobadwa pambuyo pa anzake omwalira amachedwa Maliro, Manda, Cakumanda kapena Malizani. Makolo akale anali kuganiza kuti dzina loipa limabisa mwana, kuti imfa imlambalale poyesa kuti ndi cinthu cotayika kale. Koma maina omwewo ali ndi nsonga ina. Malizani ndiye kuti, "Mwatenga awiri, tengani ndi uyu yemwe." Mau oterewa amalasa munthu amene ali pomwepo. Atsibweni a Naphiri, amene ndiwo mwini mbumba, anali atanena kale mseri kuti dzina likakhala lobaya, mkamwini amange katundu wake.

Amene anaoloka dambo kudzacha dzina anali mlongo wamkulu wa mwamunayo, azakhali a khandalo, amene ena amati atate aakazi. Anthu anakhala pansi pa mtengo wa mango, amuna pa mipando, akazi pa mphasa, ndipo nkhalamba ija inakhala payokha kumapeto, pafupi ndi nkhokwe. Azakhali anagwada, naomba m'manja, nalandira mwana. Mau ao anali awa:

"Zikomo amfumu, zikomo eni mbumba, zikomo asewere athu nonse. Ndayamba ndi kuthokoza amai amene munagona m'cikuta ndi mlamu wangayu masiku onsewa. Mwagwira nchito, ndipo taona ndi maso.

"Pakhomo pano tinaikapo ana awiri. Palibe amene waiwala, ndipo ine sindibisa. Titaika anawo, ife a kutsidya tinalankhula zambiri, ndipo zina mwa izo zinafika m'makutu mwanu.

"Mwana uyu dzina lake ndi Lekani. Ndibwereze kuti amene ali kumbuyo amve: Lekani.

"Pasakhale munthu wocoka pano ndi kukanena kuti anaBanda abwera kudzauza afiti kuti aleke kudya ana. Ai. Mau amenewa sacokera kwa ine. Wolankhula ndi mwanayu, ndipo ali kuuza ife tonse, a tsidya lino ndi a tsidya lija, kuyambira ine ndamnyamulane. Akuti lekani kulozana zala. Lekani kubwerera ndi njala pakhomo pa anzanu. Mkulu wake anafa ndi cikuku, ndipo cikuku cili ndi katemera ku cipatala. Uyu akakwanitsa miyezi 9, ndidzabwera ndekha kudzaperekeza amake.

"Agogo, inu muli apo pa nkhokwe, sendererani kuno mumlandire mdzukulu wanu. Nkhuku iyi nja Lekani. Ndatha, zikomo."

Mau onsewa sanathe ngakhale mphindi zitatu, ndipo nkoyenera kutero, pakuti mai wongoturuka m'cikuta sakhalitsa padzuwa, ndipo khanda silidikira nkhani zazitali. Koma m'kufupika kwakeko muli zinthu zofunika kuziyang'anitsitsa.

Dzina la Lekani, pakulimva koyamba, ndi la mtundu umodzi ndi Malizani. Maina ambiri othera ndi "-ni", monga Sekani, Tsalani, Lekani ndi Malizani, ndi mau olamula anthu ambiri kapena munthu wolemekezeka. Salankhula kwa mwana, amalankhula kwa ena kudzera mwa mwana. Ndico cifukwa cake anthu akamva dzina lotere amayamba kuyang'anana, kufuna kudziwa amene walamulidwa. Maina oyamba ndi "Ti-", monga Tiyanjane, Tikondane ndi Tilimbe, ndi ofatsa, pakuti wonenayo amadziwerengera pamodzi ndi anzake. Azakhali aja akadafuna njira yopanda minga akadati Tiyanjane, ndipo anthu akadaomba m'manja ndi kubalalika. Koma dzina lofatsalo likadaphimba cironda osacitsuka. Aliyense akadabvomera kuti kuyanjana nkwabwino, ndipo nkhalamba ija ikadakhalabe payokha pa nkhokwe. Iwo anasankha dzina lakuthwa, lomwe anthu anali kuliopa, ndipo anatembenuza nsonga yake kuti iyambe kuloza kwao komwe. Pamene anati wolankhula ndi mwana, anacotsa mauwo m'kamwa mwa mbali imodzi ya mlandu. Palibe munthu angakwiyire khanda la sabata imodzi.

Kanthu kena ndi dongosolo la mauwo. Dzina silinachulidwe poyamba. Azakhali anayamba ndi kuthokoza amai a m'cikuta, amene onse anali a kucikazi, ndiye kuti a mudzi womwe unali kuganiziridwa zoipa. Kuthokoza kumeneko kunali kubvomereza kuti manja a pamudzipo asunga mwana wamoyo. Kenaka anachula za ana awiri aja. Ambiri pa tsiku lotere amaopa kuchula imfa, koma pakhomo pamene aliyense ali kuganiza za manda awiri, kukhala cete kumamveka ngati kusunga mangawa. Atayala maziko amenewa mpamene ananena dzina, kawiri, momveka, ndipo asanapume anatseka khomo la kumasulira kolakwa. Apa mpamene ocha maina ambiri amaphonya. Amanena dzina, nthungululu ziyamba, phokoso likwera, ndipo tanthauzo limanenedwa anthu atayamba kale kunong'onezana. Cizindikiro cakuti zalakwika cimaoneka msanga: a mbali ina amayang'ana pansi, mphatso zao zimacedwa kuturuka, ndipo pasanathe mwezi mwana amakhala ndi maina awiri, lina la kucimuna, lina la kucikazi, mbali iriyonse ikukana kuchula la inzake.

Sikuti dzina lirilonse limafuna kumasulira kotere. Malemu Dr Kenneth Kaunda, mtsogoleri woyamba wa dziko lino, pobadwa ku Lubwa m'boma la Chinsali mu 1924 anachedwa Buchizya, ndiye kuti wosayembekezeka, pakuti anadza makolo ake atakhala m'banja zaka zambiri, ali mwana wotsiriza. Dzina lotere limangosimba za kabadwidwe, ndipo silikhudza munthu wina. Cimodzi-modzi Dalitso, Cimwemwe kapena Mphatso. Wocha anganene mau awiri okha nakhala pansi. Ndiponso mwana akapatsidwa dzina la agogo ake amene anamwalira, cofunika ndi kungonena kuti anali yani ndi cifukwa cake akumbukiridwa. Maina ofuna kusamala ndi amene abadwira pa mkangano, pa imfa kapena pa mitala, pamene mkazi wamkulu ndi wamng'ono amatha kutukwanizana zaka zambiri kudzera m'maina a ana ao.

Tsiku lija, nkhalamba itaitanidwa, siinanyamuke msanga. Inayamba yayang'ana kwa mwini mbumba, ndipo iwo atagwedeza mutu, inakwawa ndi maondo kufika pamphasa, nitambasula manja. Mwana anaikidwa m'manja omwe aja amene ana a kutsidya anali kuwathawa. Pamenepo mpomwe amai analuluta. Atsibweni sanalankhule kanthu, koma anaturutsa ndalama naika m'mbale pambali pa nkhuku, ndipo masana alendo a kutsidya anadya nsima asanaoloke dambo.

Panatsala ciyeso cimodzi. Akulu amati mwana akalira kosatonthola masiku otsatira, ndiye kuti wakana dzina, ndipo pamafunika kufuna lina. Amai a pamudzipo anachera khutu usiku woyamba ndi waciwiri, ndipo Lekani analira monga amalirira makanda onse, nayamwa, nagona. Pa tsiku la sikelo amake anapita naye ku cipatala, ndipo dzinalo linalembedwa pa kadi la mwana. Atate wake anakalembetsanso ku boma, monga lamulo la 1973 la kulembetsa obadwa ndi omwalira linenera. Itakwana miyezi 9, azakhali anaolokadi dambo m'mamawa, ali ndi mbatata yophika m'kansalu, ndipo iwo ndiwo anabereka mwana kumbuyo ulendo wonse wa ku katemera.