Kupera khofi wa ku Mzuzu kuno ku Glasgow

Abale anga amene munatsala kumudzi, kuno ku Glasgow mu Disembala dzuwa limatuluka 9 koloko ili pafupi, ndipo 4 koloko isanakwane kunja kwada kale. Kamvula kowaza sikakata, mphepo imalowa mpaka m'mafupa. Kwathu m'mawa munthu umamwa tiyi ndi mbatata uli pakhonde, odutsa akukupatsa moni. Kuno umamwa khofi uli chiimire m'khitchini, wekha. N'chifukwa chake wina akandibweretsera njere za khofi wa ku Mzuzu sindifuna kuziwononga poziphwanya chisawawa.

M'masitolo muno muli timakina topera khofi ta mitundu iwiri. Koyamba amakatcha bleidi, ndiye kuti ka mpeni: kachitini ka magetsi kokhala ndi kampeni kozungulira pansi, ndipo mapaundi 20 amakwana kukagula. Kachiwiri amati bea, ka mano: zopera ziwiri za mano zoyang'anizana, njere n'kumadutsa pakati pake. Ka mano ka magetsi kodalirika kamayambira cha m'ma mapaundi 100, ndalama zoti wolipira lendi kuno n'kumatumizanso ya feteleza kumudzi amayamba waganiza kawiri.

Kusiyana kwake mayi aliyense wosinja mtedza akukudziwa. Amasinja, amasefa, zotsala m'sefa amazibwezera mumtondo, mpaka nsinjiro zonse zifanane. Ka mpeni kamangotema njere zikuuluka m'kachitinimo, popanda wosefa. Zina zimasanduka fumbi, zina zimatsala zibenthu zikuluzikulu, ndipo ukakatalikitsa kuti zibenthuzo ziphwanyike fumbi limangochuluka. Ka mano kali ndi mpata umene umautsegula kapena kuutseka wekha, ndipo chibenthu sichigwa pansi mpaka chitachepa moti n'kudutsa pampatapo. Fumbi limakhalapobe, koma lochepa.

Vutoli limaonekera m'kapu. Ine ndimafulula m'kafetiye, jagi yagalasi yokhala ndi sefa yokankhira pansi. Ndimathira magalamu 30 a khofi m'madzi otentha theka la lita, n'kudikira mphindi zinayi. M'mphindi zimenezo fumbi lija latulutsa kale zonse mpaka kuwawa, pamene zibenthu madzi sanazilowe bwino, ndiye zimapereka kuwawasa kopanda mphamvu. Khofi akawawa ndi kuwawasa nthawi imodzi, sefa ikamalimba pokankha, pansi pa kapu pakatsala matope ambiri, dziwani kuti cholakwa ndi kaperedwe. Njere za khofi wa ku Mzuzu zija zilibe mlandu.

Amene ali ndi ka mpeni kale asakataye. Azikadina pang'onopang'ono, masekondi awiri kapena atatu, n'kukakhutchumula, n'kudinanso, kenako asefe ndi sefa ya tiyi kuti fumbi lichoke. Kwa wothira mkaka ndi shuga wambiri monga timachitira kwathu, zimenezi n'zokwanira. Koma asaperemo tsabola kapena jinja, chifukwa fungo lake limakakamira ndipo khofi wa mawa lake amanunkha ndiwo.

Ine ndinasankha ka mano kopukusa pamanja. Ka mano a seramiki, lomwe ndi dongo lootcha lolimba kwambiri, kamapezeka pa mapaundi 30 kapena kupitirira pang'ono. Kamachedwa, ndipo ukakatsegula kwambiri kuti upere zokhakhala za kafetiye, dzino la mkati limagwedezeka n'kutulutsa zosafanana. Ka mano a chitsulo n'kodula kuposa apo, koma kamadula msanga ndipo sikagwedezeka. Wokhoza kudikira malipiro ena adikire. Chimene ndingakuletseni ndi timakina ta magetsi totchipa tolembedwa kuti n'ta mano, pamene mkati muli timbale tokhala ndi tizitsotso tongophwanya njere. Yang'anani mkatimo musanalipire: mano enieni amakhala akuthwa, osemedwa mizere.

Palinso nkhani ya phokoso. Nyumba za kuno n'zosanjikizana, makoma ake amamva zonse, ndipo ka mpeni kakalira 5 koloko m'mawa ndikukonzekera shifiti, woyandikana naye amene sitinalonjeranepo bwinobwino amadzuka. Kwathu kulira kwa mtondo mbandakucha palibe amadandaula nako, mwina mnzako amabwera ndi munsi wake kudzakuthandiza. Ka pamanja kamangolira khwekhwekhwe, ndipo khofi wa kapu imodzi amatha pa mphindi imodzi kapena kupitirira pang'ono.

Polekezera pake ndi alendo. Kupera wa anthu anayi kapena asanu mkono umatopa, ndipo banja lalikulu lomwa khofi tsiku lililonse lingosunga ndalama za ka magetsi. Kwathu ndikanapatsira mphwanga kuti apukuseko ine ndikuwiritsa madzi. Kuno mlendo amayamba watumiza uthenga sabata yathunthu asanabwere, choncho ndimakhala nditapereratu iye asanagogode.