Kanyumba ka Katoni Malata Asanadze

Ife amisiri a pa Likoma, amene timamanga moyang'anizana ndi Tchalitchi cha Petro Woyera chimene makolo athu anayamba kuchimanga m'chaka cha 1903, tidziwa kuti malata athu amaoloka nyanja pa sitima ya Ilala, ndipo munthu akalakwitsa muyeso wake, adzadikira sabata yathunthu kuti sitimayo ibwerenso. Nchifukwa chake ine, ndisanakumbe maziko, ndimayamba ndakhala pansi ndi kuumba nyumbayo ndi katoni.

Tinene kuti mwini wake afuna nyumba ya mamita 9 m'litali ndi 6 m'lifupi. Pa mita iliyonse ndimaika masentimita 2, kotero kuti pansi pake pakhala 18 ndi 12, ndi makoma a mamita 3 akhala 6. Ndimadula ndi lezala motsata rula, ndi kumata makomawo ndi guluu, osaiwala kuchotserako kunenepa kwa katoni pa makoma a m'lifupi, pakuti woiwala ichi adzapeza ngodya zitakana kukumana. Koma madenga sindimata, ndimangowavundikira, kuti ndichotse lina ndi kuyesa linzake.

Denga la mbali ziwiri ndimalemba mzere pakati ndi lezala mosaboola, ndi kulipinda pamenepo. Ndikakweza msonga wake masentimita 3 pamwamba pa makoma, ndiyo mita ndi theka, kutsetsereka kwake kufikira pakhoma kumakwana mamita 3.35, ndipo apa katoni imaulula chimene pepala limabisa, kuti lata la mapazi 12 lidzangopitirira khoma ndi masentimita 30, mvula nidzamenya njerwa, pamene la mapazi 14 lidzafunda khomalo bwino lomwe. Denga la mbali zinayi lioneka lofatsa, ndipo silipereka chipumi cha khoma kwa mwera umene uomba kuyambira Meyi kufikira Ogasiti, koma lifuna kudula malata mopingasa, ndi zotaya zake nzambiri.

Kuona maso a nkhono nkudekha. Ndimatengera kanyumbako pamalo pomangapo, kukaloza monga idzalozera nyumba, ndi kugwada kufikira diso litafika pa msinkhu wa masentimita 3 kuchokera pansi pake, pakuti woyang'ana ali chilili aona monga mbalame, osati monga mlendo wofika pakhomo. M'mawa ndi madzulo ndimapenya pogwera mthunzi, ndikukumbukira kuti mu Juni dzuwa limapendekera kumpoto, ndi mu Disembala kumwera.

Komatu katoni ili ndi malire ake: ionetsa msinkhu, maonekedwe ndi mthunzi, koma siinena kanthu za mphamvu ya mapaso, kapena za waya womangira denga kukhoma. Chotero inu ofuna kumanga, muuzeni mmisiri wanu akuonetseni madenga awiri a katoni musanaitanitse malata ku Nkhata Bay.