Posita Imodzi, Mafailo Awiri

Ise amene timathandiza pa wailesi ya m'dera kuno ku Makeni timalandila pempho ili kawirikawiri: "Tsiku la msonkhano lasintha, tikonzeleniko posita." Tisanavomele, timayamba taona kuti failoyo inabadwa bwanji, cifukwa dzina lothela ndi .pdf silitiuza zonse. Timatsegula failo, n'kudina Ctrl+F, n'kufufuza liwu limodzi limene tikuliona pa posita. Likapezeka, nthawi zambili ndiye kuti muli zilembo zenizeni. Likapanda kupezeka, tili ndi cithunzi cabe cimene cavala dzina la PDF.

Tinene kuti "14 Juni" iyenela kukhala "27 Juni". Ngati PDF inacokela mwacindunji mu Word, timaitsegula mu LibreOffice Draw, imene ndi yaulele, n'kudina pa mzelewo n'kulemba tsiku latsopano. Msampha uli pa fonti. PDF zambili zimasunga zilembo zokhazo zimene zinagwilitsidwa nchito pa positayo. Ngati panalibe 7 paliponse, ndipo fontiyo mulibe mu kompyuta yathu, pulogalamu imabweleka fonti ina. Mudzaona manambala oonda kuposa anzawo, kapena mzele utatalika n'kukwela pa cithunzi. Mankhwala ake ndi kufunsa dzina la fonti kwa amene anapanga posita, kapena kulembanso mzele wonse ndi fonti imodzi.

Posita yomweyo ikapulintidwa n'kupita pa sikana, zilembo zimatha. Pepala la A4 pa 300 dpi limasanduka timadontho 2480 m'mbali ndi 3508 m'litali, ndipo kompyuta sidziwa kuti ena mwa timadonthoto ndi nambala 14. Apa sitisintha mawu, timamata cigamba: kuphimba tsiku lakale, n'kulemba latsopano pamwamba. Koma kuyela kwa pepala la pa sikana si kuyela kwenikweni, kumakhala kotuwilako, ndipo pamene linapindidwa pamatsala mthunzi. Bokosi loyela mbee limaonekela patali. Motelo mu GIMP timatenga mtundu pafupi ndi pomwe tikuphimba. Ngakhale titelo, zilembo zatsopano zimatuluka zakuthwa pakati pa zakale zofwifwa. OCR imathandiza kukopa mawu kuti tisatayipenso, koma nthawi zambili imangobisa mawuwo kuseli kwa cithunzi. Failo yotele imapambana mayeso a Ctrl+F, koma mukasintha mawu obisikawo, 14 imakhalabe pomwepo.

Ngati zosintha zapitilila mzele umodzi, ife timaona kuti kupanganso posita kumafulumila kuposa kumata zigamba. N'cifukwa cake timapempha anzathu a ku Kabwata ndi ku Chelstone kuti atumize failo yoyambilila pa WhatsApp monga Document, osati kujambula cikwangwani ndi foni.

Kuthwa kwa zilembo kuja kuli ndi nchito inanso. Posita yopempha copeleka ca malilo ikafika kuti tiilengeze, timaikulitsa pa nambala ya foni yolandilila ndalama. Ngati manambalawo ali akuthwa kuposa mawu ena onse, kapena ali pa kabokosi ka mtundu wosiyanako, sitiulutsa mpaka titalankhula ndi a pabanjapo.