Kubwereka ndi Kubweza

Samu yochotsera ili ndi njira ziwiri, ndipo zikakumana m'kope limodzi wolira amakhala mwana.

Achemwali anga anandijambulira pa foni tsamba la mwana wawo: 62 kuchotsa 38, yankho 14, pambali pake aphunzitsi atathetha ndi inki yofiira. "Achimwene, inu ophunzira, tatiuzani. Samuyi tinawerengera limodzi, yalakwika pati?"

Nditakulitsa chithunzicho ndinaona zolemba za anthu awiri. Mwana anakhwatcha 6 n'kulemba 5, monga amaphunzitsira masiku ano: wamasula khumi limodzi mwa makumi 6, walipereka kwa 2 kuti akhale 12. Kuchotsa 8 patsala 4, ndipo 5 kuchotsa 3 ndi 2. Yankho 24.

Koma pafupi ndi 3 wam'munsi panali kanambala 1 ka bolopeni, dzanja la achemwali. Iwo anaphunzira kuti ukabwereka uzibweza: 6 osamukhudza, koma 3 asanduke 4. Apanso 6 kuchotsa 4 ndi 2. Njira yawo ndi yoona, mwinanso yachangu, ngakhale sanauzidwepo chifukwa chimene ngongole yotengedwa m'mwamba imabwezedwera m'munsi.

Tsono khumi lija linalipidwa kawiri, 5 kuchotsa 4, ndipo yankho linaperewera ndi 10 ndendende.

Sindinawauze kuti njira yawo inatha ntchito, poti akanangosiya kutsegula kopelo. Ndinati: "Achemwali, mukaona nambala yam'mwamba yakhwatchidwa, ngongole yatha, musabwezenso. Inu muzingowonkhetsa yankho ndi 38. Zikapanda kukwana 62, abwerezenso yekha."