Ndinkaba Nthawi ya Mnzanga

Aphunzitsi anzanga ndi inu ana anga akale, lero ndiulule mlandu. Ndinagwirizana ndi telala wina wa ku Congo, wokhala ku Dzaleka, kuti Loweruka lililonse tizikumana kwa ola limodzi: iye azindiphunzitsa Chifalansa, ine Chichewa. Ndalama ayi, malipiro ake nthawi basi.

Patatha miyezi iwiri anayamba kujomba. Nditamufunsa, sanayankhe zambiri. Anangoyika makope athu patebulo. Langa linali ndi masamba 11 odzaza, lake atatu. Manyazi anandigwira.

Vuto linali lakuti nthawi zonse tinkayamba ndi Chifalansa. Ine, pokhala mphunzitsi, mafunso osatha: bwanji mneni uyu wasintha? Pofika ku Chichewa kumakhala kutatsala mphindi 15, tonse titatopa.

Ndiye tinapangana malamulo atatu. Loyamba, alamu ya pafoni imalira pakatha mphindi 30, ndipo timasintha chiyankhulo ngakhale nkhani ili pakati. Lachiwiri, timasinthana poyambira: sabata ino Chichewa, yamawa Chifalansa, chifukwa gawo loyamba ndi limene mutu umagwira bwino. Lachitatu, mwini gawo ndiye amasankha nkhani ndi kuyankhula kwambiri. Winayo amangolemba zolakwika zitatu, n'kuzikonza m'mphindi zisanu zomaliza.

Mnzanga anasankha zoyeza makasitomala: chiuno, mapewa, kutalika kwa siketi, kunenerera mtengo. Ine ndinkamupatsa magulu a mayina, zomwe sanapemphe n'komwe.

Pano mwezi ukatha timayerekeza makope aja. Lina likanenepa kuposa linzake, timadziwa kuti wakuba wabweranso.